Mmene mungalembere chidziwitso kwa ogwira ntchito amene sakuiona foda pa seva

Aliyense amene amayang'anira makompyuta pa ofesi amaudziwa uthenga umene umafika Lolemba m'mawa wakuti foda ya zachuma yasowa ndipo mwina wina waifufuta. Nthawi zambiri fodayo imakhala ili pomwe inali, mafayilo onse ali momwemo, koma seva yaibisa kwa munthuyo chifukwa dzina lake silili pa gulu la ololedwa. Chimene chimawavuta a zamakompyuta ambiri si kukonza chilolezo, chifukwa zimenezo zimatha pa mphindi zochepa, koma kulemba chidziwitso chimene kalaliki, woyendetsa galimoto kapena mlembi angawerenge kamodzi n'kudziwa chochita. Ena amalemba masamba awiri odzaza ndi mawu a ntchito yawo, ena amalemba mzere umodzi wakuti amene ali ndi vuto abwere ku ofesi yawo, ndipo zonse ziwirizi zimathera pa mzere wa anthu pakhomo.

Malangizo awa atsata chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti ofesi ina ili ndi seva ya Windows yotchedwa `SEVA1`, ogwira ntchito onse amaona mafoda a nthambi zawo pa chilembo `S:`, ndipo kumapeto kwa sabata a zamakompyuta anakonza zoti aliyense aziona mafoda okhawo amene analoledwa kutsegula. Foda imene anthu akuifuna kwambiri ndi `S:\Zachuma`.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe kulemba

- Njira yonse ya foda monga ilili pa seva, komanso monga ogwira ntchito amaionera, mwachitsanzo `\\SEVA1\Maofesi\Zachuma` ndi `S:\Zachuma`.
- Udindo wa mwini foda, ndiye kuti munthu amene ali ndi mphamvu yovomereza kapena kukana, ndi wa womuimira akachokapo.
- Mayina a magulu a zilolezo, mwachitsanzo `Zachuma-Kuwerenga` ndi `Zachuma-Kusintha`.
- Akaunti yoyesera imene ilibe mphamvu zapadera.
- Keyala imodzi ya imelo kapena fomu imodzi yolandirira mapempho.
- Mnzanu mmodzi wa nthambi ina, wosadziwa zambiri za makompyuta, amene angawerenge chidziwitsocho musanachitumize.

## 1. Tsimikizirani kaye kuti vuto ndi chilolezo

Anthu akamati foda sikuoneka amakhala akunena zinthu zitatu zosiyana, ndipo chidziwitso chimene chikusakaniza zitatuzi chimasokeretsa. Choyamba ndi pamene `S:` ikutseguka bwinobwino, mafoda ena akuoneka, koma ya zachuma palibe. Zimenezi zimachitika seva ikakhala kuti yayatsidwa chinthu chotchedwa Access-Based Enumeration, chimene ntchito yake ndi kubisa foda iliyonse imene munthu alibe chilolezo choiwerenga. Mungathe kuona ngati ndi choyatsa polemba lamulo ili mu PowerShell pa seva:

```
Get-SmbShare -Name Maofesi | Format-List Name, FolderEnumerationMode
```

Yankho likakhala `AccessBased`, mafoda akubisidwa. Likakhala `Unrestricted`, aliyense akuona mayina a mafoda onse ngakhale sangawatsegule. Apa ndipo pamachokera chinthu chachiwiri, pamene foda ikuoneka koma munthu akaidina pamabwera uthenga wokhala ndi mawu akuti `You do not have permission to access`. Ili ndi vuto la chilolezo lomwelo, kusiyana kwake ndi maonekedwe chabe, choncho chidziwitso chimodzi chingathe kufotokoza zonse ziwiri.

Chachitatu ndi chosiyana kwambiri. Ngati `S:` yonse palibe, kapena ili ndi kachizindikiro kofiira ka X, kapena pakubwera uthenga wakuti `The network path was not found`, kompyutayo sikufikira seva n'komwe. Mwina waya wa netiweki wazuka, mwina munthuyo ali kunyumba ndipo sanayatse VPN, mwinanso seva sinadzuke magetsi atabwerera. Munthu wotereyu mukamuuza kuti apemphe chilolezo, adikira masiku awiri yankho la mkulu wa nthambi pamene chofunika chinali kulumikiza waya.

Kuti mutsimikize za chilolezo, onani magulu amene ali pa fodayo muli pa seva, pamene m'chitsanzo chathu fodayo ili pa chilembo `D:`, kenako onani magulu a munthuyo muli pa kompyuta yake iyeyo atalowa ndi dzina lake:

```
icacls D:\Maofesi\Zachuma
whoami /groups
```

Lamulo loyamba limaonetsa gulu lililonse ndi zilembo za mphamvu yake: `(RX)` ndi kuwerenga, `(M)` ndi kusintha, `(F)` ndi mphamvu zonse. Ngati palibe gulu limene likupezeka pa mindandanda yonse iwiri, chifukwa mwachipeza.

Chenjezo: musayesere ndi akaunti yanu ya woyang'anira. Akaunti imeneyo kawirikawiri imaona mafoda onse, ndipo mudzauza anthu motsimikiza kuti zonse zili bwino pamene iwo sakuona kanthu. Lowani ndi akaunti yoyesera ija, mujambule zimene munthu wamba akuona.

## 2. Gwirizanani ndi mwini foda za amene azivomereza

Pa masitepe onse, iyi ndi imene imadumphidwa kwambiri, ndipo ndi imene imachititsa kuti chidziwitso cholembedwa bwino chikhale chopanda ntchito. A zamakompyuta ndi amene amaika dzina pa gulu, koma si iwo amene ayenera kusankha amene angaone mafayilo a malipiro kapena a bajeti. Chisankho chimenecho ndi cha mkulu wa nthambi imene mafayilowo ndi ake. Uthenga wa Windows umene tautchula uja umasokoneza pamenepa, chifukwa umamaliza ndi mawu akuti `Contact your network administrator to request access`, motero aliyense amathamangira kwa inu poganiza kuti inu ndi amene mwamukaniza. Chidziwitso chanu chiyenera kuwongola maganizo amenewa ponena poyera kuti wovomereza ndi ndani.

Pitani kwa mwini fodayo musanalembe kalikonse, mugwirizane zinthu zitatu: kuti mapempho azifika kwa iye, kuti akakhala pa tchuthi kapena kumsonkhano azivomereza ndani, komanso kuti aziyankha pasanathe masiku angati. M'chitsanzo chathu tinene kuti mkulu wa zachuma wavomera kuyankha pasanathe masiku awiri a ntchito, ndipo wachiwiri wake azimuimira.

Pali funso lina limene liyenera kuthetsedwa pa kukumana komweku. Seva ikamabisa mafoda, munthu sangapemphe chinthu chimene sakulidziwa dzina lake, ndiye chidziwitso chiyenera kutchula mayina a mafoda amene angapemphedwe. Komabe si foda iliyonse yoyenera kulengezedwa. Ngati mkati mwa `S:\Zachuma` muli foda ya ngongole za ogwira ntchito, kapena mu nthambi yoona za ogwira ntchito muli foda ya milandu yokhala ndi dzina la munthu, kulemba dzina la fodayo pa bolodi la zidziwitso n'kuulula kale chinsinsi, ngakhale palibe amene angaitsegule. Ine ndimatchula mafoda akuluakulu a nthambi okha, ndipo za mafoda amkati ndimati wopempha afotokoze ntchito imene akufuna kugwira, mwini foda ndiye adzanene malo oyenera.

Chenjezo: lembani udindo wa wovomereza, osati dzina lake lokha. Anthu amasamutsidwa, ndipo chidziwitso chimakhala pa khoma nthawi yaitali kuposa mmene mumaganizira.

## 3. Lembani mizere iwiri yoyamba yochotsa mantha

Munthu amene sakuiona foda amaganiza chimodzi mwa zinthu zitatu: kuti ntchito yake ya miyezi yambiri yafufutika, kuti iye wawononga kompyuta, kapena kuti akuluakulu asiya kumukhulupirira. Asanamve kuti zonsezi si zoona sangawerenge malangizo anu modekha, choncho mizere yoyamba iyankhe zimenezi, ndipo chifukwa chake chinenedwe m'chiganizo chimodzi cha mawu a tsiku ndi tsiku. Chiganizo chakuti "seva imaonetsa munthu aliyense mafoda okhawo amene dzina lake linalembedwa kuti angatsegule" n'chokwanira. Mayina monga Access-Based Enumeration, NTFS ndi Active Directory akhale m'mabuku anu a ntchito. Wowerenga sangachite nawo kanthu.

Mutu wa chidziwitso ukhale mawu amene wodandaulayo angagwiritse ntchito. "Ngati foda ya Zachuma sikuoneka pa S:" ndi mutu umene munthu angauzindikire pakati pa maimelo ambirimbiri, pamene "Kusintha kwa ndondomeko ya zilolezo" angaudutse poganiza kuti sukumukhudza.

Chenjezo: pewani mawu akuti "mwaletsedwa" kapena "mwachotsedwa". Ambiri mwa amene akusowa foda sanaletsedwe ndi munthu. Anangoiwalika pamene mndandanda unkalembedwa, kapena anasintha nthambi dzina lawo osasamutsidwa.

## 4. Nenani zoti alembe m'pempho, zisapitirire zinayi

Pempho lakuti "ndithandizeni foda ija" limafuna maimelo ena atatu kuti limveke. Mupatseni wopempha zinthu zinayi zoti adzaze, ndipo chilichonse chikhale ndi chitsanzo.

Choyamba ndi dzina lolowera pa kompyuta, limene nthawi zambiri limasiyana ndi dzina la munthu. Pa ofesi pamene pali a Banda atatu ndi a Phiri anayi, kupereka chilolezo potengera dzina la bambo lokha kungatsegulire mafayilo a malipiro munthu wolakwika. Amene salidziwa dzina lolowera angathe kutsegula Command Prompt n'kulemba `whoami`, koma ngati ogwira ntchito anu sanazolowere zimenezi, ingowauzani kuti alembe dzina limene amalemba m'mawa akamayatsa kompyuta.

Chachiwiri ndi dzina la foda. Chachitatu ndi mtundu wa chilolezo, ndipo apa perekani zosankha ziwiri zokha: kuwerenga, kutanthauza kutsegula ndi kukopera mafayilo popanda kusintha a pa seva, kapena kusintha, kutanthauza kulemba, kusunga ndi kufufuta. Liwu lakuti kufufuta lilembedwe ndithu, chifukwa chilolezo cha Modify pa Windows chimalolanso kufufuta mafayilo, ndipo eni mafoda ena amavomereza osadziwa zimenezi. Full control musaitchule n'komwe, popeza imapatsa munthu mphamvu yosintha zilolezo za ena.

Chachinayi ndi chifukwa pamodzi ndi nthawi. Wothandiza kukonzekera kafukufuku wa mabuku a chuma kwa milungu itatu safunika chilolezo cha muyaya, ndipo tsiku lomaliza likalembedwa m'pempho mudzakhala ndi poyambira pochotsa dzinalo.

Chenjezo: onjezani chiganizo chakuti asatumize pasiwedi yawo. Anthu ena, pofuna kuthandiza, amailemba m'munsi mwa dzina lolowera popanda wowafunsa.

## 5. Fotokozani zimene zidzachitike chilolezo chikaperekedwa

Apa ndi pamene pamabwera madandaulo achiwiri. Mkulu wavomereza, inu mwaika dzina pa gulu la `Zachuma-Kuwerenga`, mwayankha kuti zatheka, koma munthu uja akubweranso kuti fodayo sikuonekabe. Chifukwa chake n'chakuti Windows imatenga mndandanda wa magulu a munthu pa nthawi imene akulowa, ndipo imapitiriza kugwiritsa ntchito mndandanda womwewo ngakhale gulu latsopano lawonjezedwa masana. Njira yosavuta yoti mndandanda watsopano ufike ndi kutuluka n'kulowanso.

Kutuluka kumeneku kufotokozedwe ndi mawu enieni a pa sikirini: asunge ntchito yake, adine `Ctrl`, `Alt` ndi `Delete` pamodzi, asankhe `Sign out`, kenako alowenso. Kutseka chivundikiro cha laputopu, kuzimitsa sikirini kapena kutseka zenera la mafoda si kutuluka, ngakhale ambiri amaganiza kuti ndi chimodzimodzi. Amene akukayika asankhe `Restart`. Kwa ogwira ntchito ali kunyumba, amene amalowa pa laputopu kaye n'kuyatsa VPN pambuyo pake, kutuluka ndi kulowanso nthawi zina sikukwanira chifukwa pa nthawi yolowayo laputopu sikulankhula ndi seva ya ku ofesi. Amenewa ingowauzani kuti akuimbireni, m'malo motalikitsa chidziwitso cha anthu onse.

## 6. Phatikizani zonse pa tsamba limodzi

Chidziwitso chonse chisapitirire mawu pafupifupi 200, kuti chikwane pa sikirini ya foni popanda kutsitsa kwambiri. Cha chitsanzo chathu chingaoneke motere:

> Ngati foda ya Zachuma sikuoneka pa S:
>
> Kwa ogwira ntchito onse,
>
> Kuyambira Lolemba lino, seva ikuonetsa munthu aliyense mafoda okhawo amene dzina lake linalembedwa kuti angatsegule. Ngati foda ya Zachuma sikuoneka kapena ikukana kutseguka, mafayilo sanafufutidwe ndipo kompyuta yanu sinawonongeke.
>
> Ngati ntchito yanu ikufuna fodayi, tumizani imelo kwa mkulu wa nthambi ya zachuma, amene ndiye wovomereza, ndipo kope lipite ku ofesi ya zamakompyuta. Mkuluyo akachokapo, wachiwiri wake ndiye avomereze. M'imelomo lembani:
>
> 1. Dzina limene mumalowera pa kompyuta. Musatumize pasiwedi.
> 2. Dzina la foda, mwachitsanzo `S:\Zachuma`.
> 3. Ngati mukufuna kuwerenga kokha, kapena kusintha ndi kufufuta mafayilo.
> 4. Ntchito imene mukufunira fodayi, ndi tsiku limene idzathe.
>
> Mudzayankhidwa pasanathe masiku awiri a ntchito. Mukauzidwa kuti zatheka, sungani ntchito yanu, dinani `Ctrl`, `Alt` ndi `Delete`, sankhani `Sign out`, kenako lowaninso.
>
> Ngati `S:` yonse sikuoneka kapena ili ndi X wofiira, vuto ndi la netiweki. Musapemphe chilolezo, imbirani ofesi ya zamakompyuta.
>
> Chonde musagwiritse ntchito dzina lolowera la mnzanu podikira yankho.
>
> Ofesi ya zamakompyuta

M'chidziwitso chenicheni, keyala ya imelo ndi nambala ya foni ya mkati zilembedwe pamalo pomwe zatchulidwapo, kuti wowerenga asakafufuze kwina. Ngati ofesi yanu imalemba zidziwitso m'Chingelezi ndi m'Chichewa, mawu a pa sikirini monga `Sign out` asiyidwe momwe alili m'zinenero zonse ziwiri, chifukwa munthu amafunafuna ndi maso mawu omwewo amene wawerenga.

## 7. Yesani pa munthu mmodzi, kenako tumizani

Mupatseni mnzanu wa nthambi ina uja chidziwitsocho, musamufotokozere kalikonse pakamwa, ndipo mumupemphe kuti alembe pempho lenileni inu mukuona. Pamene waima n'kufunsa funso ndi pamene chidziwitso chili ndi mpata. Akamaliza, tsatirani pempholo mpaka kumapeto pogwiritsa ntchito akaunti yoyesera: mwini foda avomereze, dzina liikidwe pa gulu, mutuluke, mulowenso, muone ngati foda yatulukira.

Ngati n'kotheka, tumizani pa imelo tsiku limodzi kapena awiri kusintha kwa pa seva kusanachitike, ndipo pepala limodzi limatidwe pa bolodi la zidziwitso kapena pafupi ndi makina osindikizira. Lembani tsiku pansi pa pepalalo.

## Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Kusunga chidziwitso mu foda yobisika yomweyo. Zimamveka zoseketsa, koma zimachitika pamene wolemba wasunga fomu yopemphera mu foda ya nthambi imene iye amaiona bwinobwino. Fomu ikhale pamalo pamene akaunti yoyesera ingafike, kapena ikhale m'imelo momwemo.

Kulandira mapempho pakamwa. Munthu akakupezani pa khonde n'kunena kuti abwana avomera kale, n'kovuta kukana, makamaka akakhala wamkulu kwa inu pa udindo kapena pa msinkhu. Chidziwitso cholembedwa chimakuthandizani pamenepa, chifukwa mungathe kuyankha mwaulemu kuti mukonza nthawi yomweyo imelo ya mkulu wa nthambi ikangofika. Mukaphwanya lamuloli kamodzi, ofesi yonse imadziwa kuti njira yachidule ilipo, ndipo tsiku limene ofufuza mabuku adzafunse amene analola munthu wakutiwakuti kuona mafayilo a malipiro simudzakhala ndi choonetsa.

Kuika dzina la munthu pa foda mwachindunji m'malo moliika pa gulu. Zimaoneka zachangu, koma pakapita chaka foda imadzaza ndi mayina a anthu amene ena anachoka kale, ndipo zimene chidziwitso chikunena za mndandanda wa ololedwa sizikhalanso zoona.

Kuiwala kuti zilolezo zili pawiri. Foda yogawidwa pa Windows ili ndi zilolezo za pa tsamba la `Sharing` ndi za pa tsamba la `Security`, ndipo munthu wobwera kudzera pa netiweki amalandira zocheperapo mwa ziwirizo. Ngati gulu lili ndi Modify pa `Security` koma pa `Sharing` pali Read yokha, wopempha adzaiona foda, adzatsegula fayilo, koma adzalephera kusunga, ndipo adzanena kuti chidziwitso chinanama.

Kulonjeza nthawi imene mwini foda sanavomere. Mukalemba kuti yankho lidzabwera tsiku lomwelo pamene mkulu wa zachuma amakhala wotanganidwa ndi malipiro kumapeto kwa mwezi, anthu amatopa kudikira, amayamba kubwerekana mapasiwedi kapena kukopera mafayilo pa fulashi, ndipo mafayilo amene mumafuna kuteteza amayendayenda m'matumba.

Kusanena za kukanidwa. Mwini foda ali ndi ufulu wokana, ndipo wopempha ayenera kumva yankho limenelo kuchokera kwa iye, pamodzi ndi njira ina ngati ilipo, monga kutumiziridwa fayilo imodzi yokha imene akuifuna. A zamakompyuta akangokhala chete, wopemphayo amaganiza kuti imelo yake inasochera ndipo amaitumizanso sabata iliyonse.